Tiyi wamkaka kapena tiyi wa mkaka?

"Achimwene, ndatsegula katiyirumu pa Luchenza. Wolemba chikwangwani akuti tilembe 'tiyi wa mkaka', mwana wanga wa Fomu 2 akuti 'wamkaka'. Penti ndagula kale. Ndimvere ndani?"

Mayi, funso lanuli landiutsira mkwiyo wakale. Ine ndinkatayipira anthu makalata pa Thyolo boma, ndiye kunabwera bambo wina wa tayi, kalata yake yopempha ntchito kuesiteti analemba "ndi na gwirapo ntchito ndipo si ndi ma jomba", mawu onse oduladula ngati nkhuni. Nditalumikiza kuti "ndinagwirapo" ndi "sindimajomba" anandikalipira kuti ndamuonongera kalata, mpaka ndalama anandipatsa yoperewera. Pano ndikamaona zomwezo pa WhatsApp mutu umandiwawabe, ndipo ndikunena mosapsatira, kudula mneni si sitayilo ayi, ndi kulakwitsa basi. Mneni ndi mawu amodzi ngakhale atalike bwanji: sindinakuuzeni, tikadzakumananso. "Ndi" amene amaima payekha ndi wa "uyu ndi mlongo wanga" kapena "tiyi ndi sikono", osati ndi- wotanthauza ine. Chimodzimodzi "si": timalemba "si ine" motalikitsa koma "sindifuna" pamodzi.

Ena amati Chichewa chilibe malamulo, bola zamveka. Bodza limenelo! Chichewa Board inatulutsa malamulo akalembedwe mu 1973, ndipo ntchitoyo pano ili ndi Centre for Language Studies ku Zomba. Ndiye taonani ndalemba "ku Zomba" motalikitsa chifukwa ndi dzina lamalo, koma kumunda, pamsika, m'nyumba timaphatikiza.

Tsono za tiyi wanuyo

Mverani mwanayo. Mukaona wa, ya, cha, la, za, dzifunseni kuti mawuwo akuyankha funso liti. Ngati akuyankha "wa ndani?" ndiye umwini, talikitsani: tiyi wa agogo, njinga ya aphunzitsi. Ngati akuyankha "wotani?" akufotokoza mtundu wake, phatikizani: tiyi wamkaka, nyumba yaudzu, munthu wanzeru. Mkaka si mwini wake wa tiyiyo, ndiye pachikwangwanipo palembedwe "tiyi wamkaka".

Pamavuta ndi pomwe dzina lachiwirilo lili ndi mchira wakewake. Mukafuna kunena kuti mkakawo ndi wa ng'ombe zanu zomwe, ine ndimalemba "tiyi wa mkaka wa ng'ombe zathu", chifukwa apo mkaka waimanso pawokha ngati dzina ndipo mawu otsatirawo akunena za iwo, osati za tiyi. Aphunzitsi ena akhoza kunditsutsa pamenepa koma ine sindisuntha.

Wolembayo mumuuzenso kuti -nso, -tu ndi -di samaima paokha, asakulembereni "mandasi alipo nso". Ayambe walemba ndi choko, mwana uja awerenge kaye, kenako penti.