Tomato ndi mandimu m'poto wa aluminiyamu

"Poto wanga wa aluminiyamu amayera mbee ndikaphikiramo tomato. Kodi tikudya poizoni?"

Achemwali, kuyerako ndi chifukwa choti asidi wa mu tomato amasungunula kakhungu kopyapyala koteteza poto, ndiye aluminiyamu pang'ono amalowadi m'ndiwo. Kwa munthu wa impso zabwino palibe choopsa, chifukwa wambiri amangodutsa m'matumbo, ndipo wochepa wolowa m'magazi amatuluka ndi mkodzo. Odwala impso ndiwo ayenera kusamala kwambiri.

Chimene chimaonjezera vuto ndi nthawi komanso mchere. Kukazinga tomato mphindi 15 n'kosiyana ndi kugoneka ndiwozo m'potomo usiku wonse. Zikapsa, tsanulirani m'mbale yadothi kapena yagalasi. Nsomba yothira mandimu ndi mchere isagonenso m'foyilo ya aluminiyamu. Mukaona timabowo pafoyilo kapena madontho otuwa pansomba, dziwani kuti asidi wadya foyiloyo.

Koma ine nkhawa yanga yaikulu ili pa mapoto osungunula kuchokera ku zitsulo zakale, monga za injini. Ena amakhala ndi mtovu, ndipo zowawasa zimautulutsa. Mtovu umaononga ubongo wa ana ngakhale utachepa. Ngati wanu ndi wotero, tomato muziphikira mu mphika wadothi kapena poto wa sitilo.