Mawu a pamndandanda ndi oyandikana nyumba, si mapasa

"Zikomo achimwene. Ndine mlembi wa komiti ya chitukuko kuno ku Ndirande. Ndinalemba kalata ya Chingerezi yopita kwa a khansala yokhudza kamlatho kathu ka pa Nasolo, ndipo mawu oti `request` anabwera kanayi. Mwana wanga anandionetsa `Synonyms`, mndandanda wa mawu ofanana matanthauzo, pa kompyuta, ndiye awiri ndinawasintha n'kuika `demand`. A tcheyamani akana kusayina, akuti kalatayo ndi yamwano. Kodi kompyuta inandinamiza? Nanga kalata ya Chichewa yowerenga pamsonkhano ndiichite bwanji, popeza nayonso yadzaza ndi 'tikupempha'?"

Mayi mlembi, kompyuta sinakunamizeni, koma sinakuuzeni zonse. A tcheyamani akunena zoona. Mawu amene munachotsawo ndi a munthu wopempha amene akudziwa kuti akhoza kukanizidwa, pamene amene munaikawo ndi a munthu woitanitsa chake, wosafuna kumva zoti ayi. Ndi mawu a pa zionetsero kapena a loya wolondola ngongole. Onse awiri amakhudza kufuna chinthu kwa wina, ndipo kufanana kwawo kumathera pomwepo.

Zimenezi zili choncho chifukwa cha mmene mabuku a mawu ofanana matanthauzo anapangidwira. Lotchuka kwambiri linatuluka mu 1852, lolembedwa ndi dokotala wa ku Mangalande, Peter Mark Roget. Iye anagawa nkhani zonse zimene anthu amalankhula m'mitu pafupifupi 1,000, ndipo pansi pa mutu uliwonse anaunjikapo mawu okhudza ganizo limenelo. Cholinga chinali kuthandiza munthu amene ganizo ali nalo koma mawu amuthawa. Dzina la bukulo, loti `Thesaurus`, limene mumalionanso mu pulogalamu yolembera ya Word mukadina `Shift+F7` linachokera ku Chigiriki, ndipo limatanthauza mosungira chuma. Ife tingati nkhokwe. Tsono m'nkhokwe mumakhala chimanga chodya, chambewu ndi chofumbwa, zonse pamodzi. Nkhokwe siikusankhirani.

Kuti muone bwino vutoli, tiyeni tibwerere m'chinenero chimene inu ndi ine tinayamwira. Wina atati alembe mndandanda wa mawu ofanana ndi "kutsuka", angaikepo kuchapa, kusamba, kusukusula ndi kutsukuluza, ndipo palibe angamutsutse. Koma ndani anamvapo munthu akuti wachapa mbale, kapena wasukusula malaya? Timachapa zovala, timatsuka mbale, timasamba m'manja, timasukusula kumaso. Mawu aliwonse ali ndi anzake amene amayenda nawo. M'Chichewa khutu lanu limakugwirani dzanja musanalakwitse. M'Chingerezi khutu limenelo silinakhwime chimodzimodzi, ndiye mukhoza "kuchapa mbale" osadziwa, ndipo kompyuta siidzajambula kamzere kofiira chifukwa kalembedwe ka mawuwo n'kolondola.

Lamulo langa ndi lakuti pamndandanda ndimatengapo mawu okhawo amene ndimawadziwa kale, amene ndikawaona ndimati "eya, ndi amene ndimafuna aja". Mawu achilendo, ngakhale akhale okoma bwanji m'maso, sindiwalowetsa m'kalata ndisanawafufuze mu dikishonale. Ndipo kumeneko sindithera pa tanthauzo lokha. Ndimawerenga ziganizo zachitsanzo, chifukwa ndi zimene zimaonetsa kuti mawuwo amanenedwa ndi ndani, kwa yani, ndipo amatsatana ndi chiyani. Madikishonale a ophunzira Chingerezi amalembanso pambali ngati mawu ali a mu ofesi, a pamacheza kapena onyoza. Timawu timeneto anthu amatidumpha, komatu ndi timene tikanakupulumutsani.

Chinanso choti muyang'ane ndi timawu tating'ono tozungulira. Mukachotsa njerwa imodzi n'kuikapo ya msinkhu wina, zoyandikana nazo zimafunika kusuntha. Pa kalata yanu yomweyo, wina akhoza kulemba `we ask for cement`, kenako n'kudina kuti asinthe mneniyo. Kompyuta imasintha liwu limodzi lokhalo, ndiye pamatsala `we request for cement`, chomwe ndi cholakwika ngakhale chafala m'makalata a m'maofesi muno mu Blantyre. Cholondola ndi `we request cement`. Ifenso tili nazo zimenezi. Timati "tinawauza a khansala", koma sitinganene kuti "tinawanena a khansala" pofuna tanthauzo lomwelo, pakuti kumunena munthu ndi miseche. Ukasintha "vuto lalikulu" kukhala "chipsinjo", uyeneranso kusintha "lalikulu" kukhala "chachikulu". N'chifukwa chake mukasintha liwu, werengani chiganizo chonse mokweza kuyambira poyamba mpaka pampumiro, osati malo mwasinthawo okha.

Tsopano kalata yanu ya Chichewa ija. Tiyerekeze kuti chiganizo chake n'chakuti, "Tikupempha a khansala kuti atithandize kukonza mlatho." Mawu oyandikana ndi kupempha alipo ambiri: kufunsa, kuchonderera, kudandaulira, kupemphetsa. Tiwayese limodzi limodzi. "Tikufunsa a khansala" akumveka ngati mukufuna yankho, osati simenti, ndipo ena angamve ngati mukuwapanikiza kuti afotokoze. "Tikuchonderera" ndi kupempha komwe, koma kogwada, kwa munthu amene wapempha kale n'kukanizidwa. Akhoza kukhala bwino kamodzi, kumapeto, ngati mvula yayandikira ndipo ana akuwoloka pamadzi popita kusukulu. Mukawaika m'ndime yoyamba mwayamba ndi kulira musanalonjere. "Tikudandaulira" amanena kuti pali chimene chinalakwika, mwina lonjezo losakwaniritsidwa, choncho muwagwiritse ntchito pokhapokha ngati mukufunadi kunena zimenezo. "Tikupemphetsa" ayi ndithu. Amenewo amakumbutsa munthu wotambasula dzanja m'mbali mwa msewu ku Limbe, ndipo komiti yanu si yotero. Pa mawu anayi, amodzi okha ndi amene akulowa, ndiponso pamalo amodzi okha. Si zachilendo zimenezi, mindandanda yambiri imatha chonchi ukaiyesa pa chiganizo chenicheni.

Apa ndinene maganizo anga, ngakhale aphunzitsi ena a chimangirizo sangagwirizane nane. Mantha obwereza mawu tinawatenga kusukulu, ndipo pa nthano kapena ndakatulo ali ndi malo ake. Koma kalata ya komiti si ndakatulo. Ngati m'ndime yoyamba mwalemba "thandizo", m'yachiwiri "ngongole", m'yachitatu "mphatso", pofuna kungokometsa, wowerenga adzaganiza kuti mukunena ndalama zitatu zosiyana, ndipo tsiku lina wina adzakufunsani kuti ngongole ija mubweza liti. Pa nkhani za ndalama, malo ndi maudindo, gwirani liwu limodzi mpaka kalata ithe.

Ngati "tikupempha" wachulukadi mpaka kutopetsa khutu, kawirikawiri vuto silikhala liwulo koma kamangidwe ka kalata. Mwina mwalemba ziganizo zinayi: tikupempha simenti, tikupempha zitsulo, tikupempha mmisiri, tikupempha kuti abwere adzaone. Zimenezi zimangeni mtolo umodzi. "Tikupempha zinthu zitatu: simenti, zitsulo ndi mmisiri woyang'anira ntchito. Mchenga ndi miyala tituta tokha. Tidzakondwa a khansala atabwera kudzaona malowo mvula isanayambe." Liwu lija latsala kamodzi, palibe chimene mwabwereka pamndandanda, ndipo mwawonjezeramo chimene anthu a m'dera achite okha, chomwe olandira kalata amafuna kumva.

Ya Chingerezi ija muichite chimodzimodzi. Bwezeranimo `request` pamalo oyamba, zinthu zofunikazo muzindandalike pansi pake, ndipo pa pempho loti a khansala abwere mulembe `we would be grateful if`. Mukatero itengereni kwa a tcheyamani, muwawerengere mokweza asanagwire cholembera.