Foni inati madigiri 4, nanga tomato wawauka bwanji?

"Achimwene, ndimakhala ku Kibler Park kuno ku Joni, chakumunsi kufupi ndi mtsinje. Ndinafesa tomato ndi chibwabwa kumayambiriro kwa Ogasiti ndipo mbande zinamera bwino. Lachiwiri usiku foni imaonetsa madigiri 4, ndiye ndinaphimba ndi pepala la pulasitiki. Kutacha ndinapeza zonse zalefuka ngati zathiridwa madzi otentha. Madzi amaundana pa 0, nanga 4 yapha bwanji mbande zanga? Mnzanga wokhala kumtunda sanaphimbe n'komwe koma zake zili bwinobwino. Ndifesenso kapena ndidikire?"

Pepani achimwene. Foni sinakunamizeni, kungoti imanena za malo ena, osati pamene panali mbande zanu. A zanyengo amayeza kutentha kwa mpweya m'kabokosi kotchingidwa, kokwezedwa kuposa mita imodzi kuchokera pansi, ndipo kabokosiko sikali m'dimba lanu. Usiku wopanda mitambo ndi mphepo, pansi penipeni pamazizira kuposa m'mwambamo ndi madigiri angapo. Mpweya wofika pachifuwa panu ukakhala pa 4, tsamba lomwe lili pafupi ndi dothi likhoza kukhala litadutsa kale 0.

Masana dothi limamwa kutentha kwa dzuwa. Dzuwa likalowa, dothi, masamba, malata ndi galasi la galimoto zimayamba kutaya kutenthako, kumapita kuthambo, monga mmene mbaula imakuwombereni kumaso ngakhale mwakhala patali. Kukakhala mitambo, imabweza gawo la kutenthako pansi. N'chifukwa chake nthawi ya chiperoni ku Thyolo kapena ku Mulanje timanjenjemera tsiku lonse koma ndiwo za m'dimba siziwauka: kuli mitambo, kuli chinyezi, kuli kamphepo. Kuno ku Joni n'zosiyana. Tili pamtunda wopitirira mamita 1,700, mvula imagwa m'chilimwe cha kuno, ndipo mu Juni, Julayi ndi Ogasiti mpweya umauma gwa. Thambo limakhala mbee, nyenyezi zili waliwali, palibe chobweza kutentha. Dothi limangotaya usiku wonse, ndipo usiku wa nyengo imeneyi ndi wautali. Kumazizira kwambiri m'bandakucha, dzuwa litangotsala pang'ono kutuluka.

Tsamba likazizira, nthunzi yomwe ili mumpweya imakhala pa ilo. Ngati tsambalo lili pamwamba pa 0 timapeza mame. Likatsika kudutsa 0, nthunziyo imasanduka timadzi toundana toyera, tija timaoneka pa kapinga ngati wina wawaza mchere. Komatu zoyerazo si zimene zimapha. Chimapha ndi kuundana kwa madzi a m'kati mwa tsamba. Madziwo akaundana amayamwa ena a m'timatumba ting'onoting'ono topanga tsambalo, timatumbato n'kuwonongeka. Dzuwa likatuluka n'kusungunula, tsamba limaoneka lonyowa, lobiriwira moderapo ngati lofutsa, ndipo pofika masana lada. Masiku ena mpweya umauma kwambiri moti pa kapinga sipayera n'komwe, koma mbewu zapsa. Chisanu chakuda chimenechi ndiye choipitsitsa, chifukwa munthu amadzuka n'kumati kunja kuli bwino.

Za mnzanu wa kumtunda, si mwayi ayi. Mpweya wozizira ndi wolemera, ndipo usiku wabata umatsetsereka ngati madzi, kuchoka m'mapiri a Klipriviersberg kutsikira kuchigwa cha mtsinje wa Klip, n'kukadikha kumeneko. Inu mumagona pamene umadikhirapo. Anthu a kumudzi amazidziwa izi: dimba la m'dambo ku Dedza limawauka pamene munda wa m'mbali mwa phiri uli bwino. Ngakhale pabwalo limodzi zimachitika. Mpanda wa njerwa womwe uli kumunsi kwa bwalo umatchinga mpweya wozizira ngati damu, ndipo bedi lomwe lili m'munsi mwake limayamba ndilo kupsa.

Tsopano za chophimba, pomwe ambiri tinagwapo. Chophimba chilibe kutentha kwake. Ntchito yake ndi kugwira kutentha kotuluka m'dothi kuti kusathawire kuthambo. Mukaona galimoto yogona pansi pa shedi yopanda makoma, galasi lake lili bwino pamene yogona pabwalo layera, ndi nkhani yomweyi: denga laima pakati pa galasi ndi thambo. Pulasitiki wopyapyala woonekera sachita bwino ntchito imeneyi, kutentha kwambiri kumadutsa. Ndiponso akagona pa masamba, iye amazizira, chinyezi cha pansi pake chimaundana, ndipo tsamba lililonse lomukhudza limapsa pomwepo. Ndikukhulupirira kuti mukayang'ana bwino mupeza kuti mbande zazitali, zomwe zinagunda pepala, ndi zomwe zinada kwambiri.

Ine chaka changa choyamba pa ntchito ya m'gadeni ndinapha kamtengo ka mandimu ka abwana. Ndinakakulunga mutu wonse ndi saka, n'kumanga chingwe pathunthu ngati switi ya pakamtengo, n'kukagona mtima uli m'malo. Kutentha kwa m'dothi kunadutsa kunja kwa sakalo, m'katimo simunalowe kanthu. Nditamasula, nsonga zonse zinali zitada. Ndikanangoliponya saka lija kuti lifike pansi ngati hema, n'kulitsindira m'mbali, kamtengo kaja kakanapulumuka.

Tiyerekeze kuti bedi lanu ndi la mita imodzi m'lifupi, mamita 3 m'litali. Dulani waya wolimba kapena paipi yakuda yothirira, zidutswa zinayi, chilichonse cha mamita 2. Zikani nsonga zake m'mbali mwa bedi kuti chipindike ngati uta, uta uliwonse utalikirane ndi unzake mita imodzi. Pakati padzatalika pafupifupi theka la mita, ndipo mbande sizigunda denga. Pamwamba pake yalani nsalu yoyera yopepuka ija yotchinga chisanu, yomwe amagulitsa m'manazale ndi m'masitolo a zipangizo zomangira. Ikhale ya mamita 2 m'lifupi ndi mamita 4 ndi theka m'litali, kuti itsale yogona pansi mbali zonse zinayi. Tsindirani m'mphepetemo ndi njerwa kapena matabwa, pasakhale mpata. Ngati ndalama palibe, masaka, zitenje zakale, mashiti kapena makatoni zimagwira ntchito, bola zikhale zouma ndipo zisapsinje mbande. Pulasitiki wanu musamutaye: akhoza kupita pamwamba pa nsalu usiku woipa kwambiri, osati pa masamba.

Nthawi yophimba ndi cha m'ma 4 koloko madzulo, dzuwa lisanalowe, dothi likadali lofunda. Mukadikira mpaka mutamaliza kudya nsima, kutentha kwambiri kwapita kale. M'mawa vundukulani cha m'ma 9, kapinga atasungunuka, kuti dothi limwenso dzuwa. Nsalu yoyera ija imalowetsa kuwala ndipo ikhoza kukhala masana, koma saka kapena bulangete likakhala masiku awiri dothi limazizira ndipo usiku wachitatu chophimbacho chilibe choti chigwire. Pulasitiki ndiye mukamuiwala padzuwa la kuno amaphika mbande.

Popeza mbaula yathu ndi dothi, tiyenera kulisamala kuti lisunge kutentha kochuluka. Dothi lachinyezi limasunga kutentha kuposa louma, choncho thirirani m'mawa wa tsiku lomwe mukuopa, kuti pofika madzulo masamba akhale ouma koma pansi pali chinyezi. Musagaule kapena kupalira tsiku limenelo, chifukwa dothi lofukulidwa lili ndi mpweya wambiri ndipo silikoka kutentha kwa pansi. China chimene anthu amandikanira ndi cha udzu wophimbira. Udzu umasunga chinyezi ndiponso umateteza mizu, zoona, koma usiku wachisanu umatsekera kutentha m'dothi, masamba omwe ali pamwamba pake n'kuzizira kwambiri. Pa mbande zanthete ine ndimaukankhira pambali mpaka chisanu chitatha. Mukafuna kuwonjezera, dzazani madzi m'mabotolo a malita 2, asanu ndi limodzi, muwagoneke pakati pa mizere. Masana amafunda padzuwa, usiku amatulutsa kutenthako pang'onopang'ono pansi pa nsalu.

Zonsezi zili ndi malire. Nsalu imodzi yopepuka imakupatsani madigiri awiri kapena atatu basi. Pansi pakafika pa -1 kapena -2 tomato apulumuka. Pakafika pa -6, monga zimachitikira m'zigwa za kumwera kwa Joni mu Julayi, nsalu imodzi siikwana. Pamenepo muwirikize nsalu, kapena mbande zikhale m'mathireyi oti mungawanyamule n'kukawaika pakhonde kapena m'nyumba. Za kuyatsa moto kuti utsi uteteze mbewu zisiyeni, utsi sugwira kutentha ngati mitambo, mungodana ndi aneba. Alimi akuluakulu ena amapopera madzi usiku wonse, chifukwa madzi akamaundana amatulutsa kutentha pang'ono, koma njirayi imafuna kuti madzi asadukize mpaka kutacha. Mukathira ndi kheni pakati pa usiku n'kukagona, mwaziphera nokha.

Usiku woopsa umadziwika. Nthawi zambiri sukhala wa tsiku la chimphepo chozizira chochokera ku Cape, chifukwa mphepo imasakaniza mpweya wa pansi ndi wa m'mwamba. Woopsa ndi wotsatira wake, mphepo italeka, mitambo itachoka, kunja kuli zii, utsi wa mbaula ukukwera chowongoka. Ine foni ikanena 5 kapena kutsika apo, thambo lili loyera, ndimaphimba. Kwa inu a kumtsinje ndikanayambira pa 7. Ngati foni yanu imaonetsa mzere wolembedwa Dew point, uyang'aneninso madzulo: nambala imeneyo ikakhala pansi pa 0, mpweya ndi wouma ndipo kutentha kudzatsika mofulumira.

Kufesanso, fesani, koma m'mathireyi kapena m'zigubu zodula, muike m'munsi mwa khoma loyang'ana kumpoto. Kuno dzuwa la nyengo yozizira limadutsa chakumpoto, ndipo khoma lotero limafunda tsiku lonse. Usiku zilowe pansi pa denga. Kutentha kwa masana mu Ogasiti kumanyenga, chisanu chimabwereranso ngakhale mu Seputembala. Pamalo ngati anu ndikanawokera tomato kumapeto kwa Seputembala, nsalu ili pafupi. Chibwabwa, bonongwe, therere ndi nyemba musavutike nazo panopa, zimenezo zimafa ndi chisanu chochepa chomwe, ndipo chibwabwa chimakula msanga mukachidzala pamalo pake dothi litafunda. Pakadali pano bedilo lisagone: repu, mpiru, kabichi, sipinachi ndi anyezi zimapirira chisanu cha kuno, makamaka zikakhwimako.

Mbande zowaukazo musazule lero. Zisiyeni masiku atatu, kenako muyang'ane kansonga ka pakati ndi tsinde. Tsinde likakhala lolimba ndi lobiriwira, tomato amatha kuphukira m'mbali. Likafewa n'kumatuluka madzi mukalitsina, zulani.