Panelo padzuwa, nyale pamthunzi: zokanena pamsonkhano wa m'mudzi

"Amfumu andipempha kuti Loweruka likubwerali ndikayankhule pamsonkhano wa m'mudzi kwathu ku Lirangwe za kasamalidwe ka mabatire a nyale za sola. Anthu akudandaula kuti nyale zikumafa chaka chisanathe. Andipatsa mphindi 10 zokha. Ndikanene chiyani?"

Achemwali, musapite chimanjamanja. Tengani nyale imodzi yamoyo ndi panelo yake, foni, kansalu ndi kapu ya madzi. Mukapeza nyale ina yakufa, yomwe batire lake linatupa, itengeninso. Ine ndimakonza nyalezi cha ku Lunzu, ndipo zambiri zomwe zimafika pa tebulo panga zimakhala zitaphedwa ndi zinthu ziwiri, kutentha ndi kukhalitsa zilibe moto. Mphindi zanu zithere pa ziwirizi, zinazo mungozikhudza.

Mukapereka ulemu kwa amfumu ndi akuluakulu, yambani ndi funso: "Kodi masana nyale yanu imakhala kuti?" Mudzamva ena akuti padenga, ena pathandala la mbale, ena pawindo. Apa ndi pomwe pali nkhani. Anthu ambiri amaganiza kuti poti ndi nyale ya dzuwa, yonse imafuna dzuwa. Ayi, chomwe chimafuna dzuwa ndi panelo, chija ambiri amangochitcha sola. Batire lili m'kati mwa nyale, ndipo silimvana ndi kutentha. Waya wautali uja anauika dala kuti panelo ikhale panja, nyale ikhale m'nyumba pozizira. Malata a mu Okutobala mumawadziwa, masana sungawagwire ndi dzanja. Nyale yogona pamalata otero tsiku ndi tsiku, batire lake limakalamba msanga kwambiri, mwinanso kutupa. M'nyumba momwemonso pali malo oipa: pakhoma mmwamba pafupi ndi malata, komanso kukhitchini pafupi ndi mafuwa. Ikhale pansi pansi, pamthunzi, podutsa mphepo.

Wina adzakufunsani za tinyale tija tokhala ndi panelo pamsana, topanda waya. Timeneto sitingachitire mwina, tiyenera kupita padzuwa tonse. Koma asatigoneke pamalata kapena pasimenti yotentha. Atiike pathabwa, pamkeka kapena pathandala pomwe mphepo ikudutsa kunsi, ndipo kagetsi kosonyeza kuti tadzaza kakayaka atichotse, osati kutisiya mpaka madzulo.

Chachiwiri ndi chomwe ndingakonde kuti mukhalitsepo, chifukwa ndi pomwe pamachokera mawu aja akuti "anatigulitsa zabodza". Batire silifuna kusiyidwa lopanda kanthu. Nyale ikazima yokha usiku, sikuti yawonongeka. M'kati mwake muli kachipangizo komwe kamadula moto pasanafike poti batire livulale. Vuto limabwera mwiniwake akaiiwala masiku angapo osaitchaja, kapena akaitsekera m'sutikesi ili yopanda moto n'kupita kokakhala miyezi iwiri kwina. Batire limataya moto pang'onopang'ono ngakhale nyale ili chizimire, ndiye likatsika kupyola malire ake, nthawi zambiri silidzukanso. Zinachitikira mayi anga omwe: nyale yatsopano anaisunga kuti adzayatse alendo akabwera pa Khirisimasi, tsikulo litafika inakana. Wofuna kusunga nyale ayambe waitchaja, aiike pozizira, ndipo pakatha mwezi uliwonse aitulutse idye dzuwa tsiku limodzi.

Tsopano nkhani ya mafoni. Apa musawakalipire anthu, chifukwa ambiri anagula nyaleyo ndi cholinga chotchajira foni. Ingowaonetsani masamu ake. Tembenuzani nyale muwerenge zolembedwa kunsi. Tinene kuti palembedwa 3.2V ndi 2200mAh, monga zimakhalira pa nyale zina zapakatikati. Mukachulukitsa 3.2 ndi 2.2, yomwe ndi 2200 ija titaigawa ndi 1000, mupeza pafupifupi 7, kutanthauza kuti batirelo likadzaza lingayatse getsi la wati imodzi kwa maola ngati 7. Foni yaikulu yotsetsereza ija, ya batire la 3000mAh pa 3.7V, imafuna 11. Mwaona? Foni imodzi imamwa zonse zomwe zili m'nyale koma osakhuta. Kafoni kamabatani ka 1000mAh kamafuna pafupifupi 4, komwe ndi kupitirira theka la nyale yonse. Kumsonkhano musatchule mavoti ndi zinazi, anthu angagone. Nenani kuti nyale ndi ndowa ya malita 7, foni yaikulu ndi chigubu cha malita 11. Wothira ndowa m'chigubu usiku, ndowa imagona youma, ana alibe powerengera, ndipo batire lagwira ntchito yolemetsa. Langizo lake ndi losavuta: foni itchajidwe masana, kuyambira cha m'ma 10 koloko mpaka 2 koloko, pomwe panelo ikuthira moto, kuti nyale ipezenso nthawi yodzaza dzuwa lisanalowe.

Panelo ya mawati 3 pa tsiku lowala bwino imabweretsa pafupifupi malita 10 a m'fanizo lathu lija, tikachotsa zotayika m'njira. Ndiye imakwanitsa kudzaza nyale n'kutsalako pang'ono pa kafoni. Koma kuno ku Blantyre tili ndi chiperoni. Mu Juni ndi Julayi pamatha masiku atatu kapena anayi kuli chifunga ndi kamvula kowaza, dzuwa osalionako. Mu Januwale ndi Febuluwale namonso mitambo imachita kukuta. Masiku otero panelo imabweretsa zochepa kwambiri, koma chizolowezi cha panyumba sichisintha: kuwala kwa pamwamba, foni, wailesi. Auzeni kuti nyengo ikatero atsitse kuwala. Nyale zambiri zili ndi magawo awiri kapena atatu, ndipo gawo lotsika ndi lokwanira kudyera nsima ndi kuyala mphasa. Lowala kwambiri lisungidwire ana akamalemba za kusukulu. Komanso asaleke kutulutsa panelo poti kuli mitambo, pang'ono pomwe ikubweretsapo mpothandiza.

Apa ndiye tulutsani kansalu kaja. Pitani ndi panelo yafumbi dala, muipukute theka anthu akuona. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa fumbi limachuluka, kuphatikiza utsi wa moto wa m'tchire ndi zitosi za mbalame. Kansalu kofewa konyowa basi, m'mawa panelo isanatenthe, kamodzi kapena kawiri pa sabata. Osakwecha ndi mchenga kapena phulusa ngati poto. Panelo iyang'ane kumpoto, itapendekeka pang'ono kuti madzi a mvula azitsetsereka. Ife tili kummwera kwa dziko lapansi, ndiye miyezi yozizira ija, yomwe moto umasowa kwambiri, dzuwa limadutsa cha kumpoto. Ndipo mthunzi wa nthambi imodzi ya mango kapena chovala choyanikidwa pachingwe, ukagwera pa kona chabe ya panelo, umatha kutsitsa moto kwambiri kuposa momwe munthu angaganizire, chifukwa tizigawo ta m'panelo tinalumikizana mondondozana. Kamodzi kakatsekeka, tonse timafooka.

Zonsezi zikukhudza nyale zing'onozing'ono, zomwe masiku ano zambiri zili ndi batire la lithiyamu. Mtundu wolembedwa LiFePO4 ndiwo wopirira: umatha kudzazidwa ndi kutsitsidwa kokwana 2,000 kapena kuposerapo, komwe pa kamodzi patsiku ndi zaka zoposa zisanu. Chiwerengero chimenechi mukachitchule, chimawadzutsa anthu omwe anazolowera kuti nyale ndi ya chaka chimodzi.

Koma pamsonkhanopo sipadzalephera abambo awiri atatu omwe ali ndi batire lalikulu la mavoti 12, lija lolemera la asidi, loyendetsera wailesi yakanema kapena mashini ometera. Apatseni mphindi ziwiri, chifukwa malamulo awo ndi okhwimirapo. Batire limeneli silifuna kutsika kupyola theka. Likamatsika kwambiri n'kumagona losadzaza, m'kati mwake mumamera zoyera zouma zomwe sizisungunukanso, ndiye limayamba kudzaza msanga n'kuthanso msanga. Chimenecho ndi chizindikiro choti lakalamba. Wokhala ndi mita angayeze m'mawa, atachotsa zonse zolumikizidwa n'kulisiya lipume kwa ola limodzi: 12.6 kapena 12.7 ndiye kuti ladzaza, 12.2 lili cha patheka, likafika pansi pa 12 ndiye kuti likuzunzika. Chomwe chimapha ambiri ndi kulumpha kontirola, kabokosi kokhala pakati pa panelo ndi batire koyang'anira moto wolowa ndi wotuluka. Kabokosi kaja kakadula moto usiku mpira uli m'kati, munthu amatenga mawaya n'kulumikiza pa batire penipeni. Mpira amaumaliza ndithu, koma batire ndilo limalipira. Chimodzimodzi kulumikiza panelo pa batire popanda kontirola, madzi ake amawira n'kuphwa. Ngati lili ndi zotsekera pamwamba, aziona madzi mwezi ndi mwezi, ndipo akatsika athire madzi a batire ogula aja okhaokha. Osathira a pamjigo, osaonjezera asidi, chifukwa chomwe chimauluka ndi madzi, asidiyo amatsala momwemo. Batireli likamatchajidwa limatulutsa mpweya woyaka, choncho lisakhale pafupi ndi mbaula, koloboyi kapena wosuta fodya.

Ndikanakhala ine, za batire la galimoto ndikanangonena mawu amodzi: linapangidwira kulizira injini kwa kanthawi kochepa, silinapangidwire kuyatsa nyumba usiku wonse, ndiye wogula lotere pa sola asadabwe likafa msanga.

Musiye mphindi yomaliza ya nyale yakufa ija. Ionetseni, anthu aone mimba ya batire lotupa. Lotere lisatchajidwenso, lisabooledwe, ndipo lisaponyedwe pamoto kapena padzala pomwe ana amatola zoseweretsa, chifukwa la lithiyamu limatha kuyaka. Koma nyale ikasiya kugwira ntchito asathamangire kuitaya. Zambiri zomwe amandibweretsera ati batire lafa, ndimapeza kuti ndi waya wa panelo womwe unadyedwa ndi khoswe kapena kupanidwa ndi chitseko, kapena kamutu kolowetsa kaja kanachita dzimbiri. Kuyesa kwake n'kosavuta: abwereke panelo ya mnzawo ya mtundu womwewo, alumikize masana dzuwa lili pamutu. Kagetsi kotchaja kakayaka, pomwe ndi panelo yawo sikamayaka, vuto lili pa waya kapena panelo yawoyo. Kakayaka, nyale n'kudzaza, koma usiku n'kuzima pasanathe theka la ola, pamenepo ndiye batire latha, ndipo pa nyale zambiri limasinthika. Wosintha aonetsetse kuti manambala akufanana ndi akale: la 3.7V lisalowe m'malo mwa la 3.2V ngakhale kukula kwake kukhale kofanana. Wogula nyale yatsopano asunge lisiti, ndipo ngati nthawi ya chitsimikizo cha wogulitsa isanathe, asaitsegule yekha, aibweze komwe anagula.