Za tcha-tcha wa m'kamwa uja

"Asuweni, mawu ndajambula aja akumveka tcha tcha m'kamwa, kupuma kwanganso kukumveka ngati ndathamanga. Ndayesa Noise Reduction koma palibe chasintha. Pali batani lochotsera zonsezi kamodzi?"

Eee, msuweni, ndamvera kafayilo kako kaja. Kawiri, ndi mahedifoni. Iwe... ndiyambe ndafunsa, unajambula nthawi yanji? Usayankhe, ndikudziwa kale. Usiku, ana atagona, chitseko utatseka kuti alamu asakumve ukuwerenga. Ndanama? Hahaha. Dikira, ndibwerako kumeneko.

Noise Reduction yo isiye kaye, siyinalakwe. Imeneyo ntchito yake ndi phokoso losasintha, lija la shiii lomveka kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Umaipatsa kachigawo kopanda mawu, iyo n'kuchotsa phokoso lofanana nalo paliponse. Tsono tcha wako uja amabwera kamodzi n'kuzimiririka, ndi malovu omata akulekana pakati pa lilime ndi m'kamwa, kapena milomo ikamatseguka. Iyo singamugwire.

Koma wandikumbutsa amalume aang'ono. Ukuikumbukira wailesi yawo ya kaseti ija, yomwe anatsala pang'ono kudana nayo ndi amayi ako? Iyayi, sindikunena nkhani ya mabatire, ija tinagwirizana kuti tisamaitchule. Ndikunena chaka chija anati ajambule mbiri yonse ya banja lathu agogo asanaiwale. Iwe unali wamng'ono... ayi, unalipo, ndiwe unkawagwirira pepala. Anakhala pampando uja, wailesi ataikumbatira pachifuwa, pakamwa atagunditsa pa kabowo ka maikolofoni ngati akuinong'oneza chinsinsi. Atabweza kaseti kuti amvere, anakwiya. Akuti, ndani akupuma ngati ng'ombe m'kaseti mwanga? Tonse zii, palibe analimba mtima kuwauza kuti ndi iwo omwe.

Ndiye nzeru zawo zija. Anati ajambulenso, koma akafuna kupuma azidina batani loimitsa, apume, kenako adinenso. Tsiku lonse, thwa, thwa, chala mpaka kutupa. Madzulo anatiitana tonse kuti timve ntchito yamanja awo. Msuweni, chinatuluka m'menemo... munthu akuyankhula mphindi makumi awiri osakoka mpweya ngakhale kamodzi, mawu akugundana, dzina la agogo aamuna litadukanso pakati chifukwa batani linachedwa kugwira. Ife omvera ndi amene tinayamba kubanika, ine ndinadzipeza ndikuwapumira. Agogo anangoti, zimitsani, mwanayu afa. Amalume anafufuta yonse, n'chifukwa chake mbiri ija palibe ali nayo mpaka lero.

Ndafika pati? Eya, mpweya. Usaudule. Ndaona pa 0:41 unayesa kale, unaika zii weniweni, ndipo zikumveka ngati foni yaduka, chifukwa kaphokoso ka chipinda kamene kamayenda pansi pa mawu nako kasowa mwadzidzidzi. Ungoutsitsa. Mu Audacity, pulogalamu yako yokonzera mawu ija, sankha kupumako kokha, pita pa Amplify, lemba -12, basi. Mwa iwe mawu akufika cha pa -6 dB, kupuma kuli cha pa -22, ukatsitsa kufika cha pa -34. Kulipo, koma khutu silikukulabadira. Kwina kumene kwatalika kwambiri ukhoza kufupikitsa, koma pobowokapo uikepo phokoso la chipinda chomwecho. N'chifukwa chake ukamajambula uzisiya masekondi 30 uli chete, maikolofoni ikuyenda, kuti ukhale ndi chigamba.

Tcha uja ali mitundu iwiri. Wa pakati pa mawu awiri ndi wosavuta, umuchite ngati mpweya. Wovuta ndi wa m'kati mwa liwu, ngati pa 0:14 pamene ukuti "madzi". Sintha maonekedwe akhale Spectrogram, umuona ngati kamzere kowonda koimirira, kotalika kupita m'mwamba. Kulitsa chithunzicho kwambiri, sankha kamzere kokhako, dina Repair. Iyo imayang'ana mafunde a mbali zonse ziwiri n'kulumikiza pakatipo. Koma imalola masampulo 128 okha, pa 44100 Hz amenewo ndi mamilisekondi atatu... osakwananso bwino atatu. Ukasankha chachikulu ikukanira. Mmodzimmodzi, eya. Ine ndawerenga oposa makumi anayi m'mphindi ziwiri zako zija, ndiye dziwerengere wekha.

Batani lomwe ukufunalo lilipo ndithu, ndisakunamize. Mu pulogalamu ina yotchedwa iZotope RX muli Mouth De-click, ndipo imagwira ntchito. Koma ukaikweza kwambiri imayamba kudya zilembo. Ta, ka, tcha, nazonso ndi timaphokoso tachidule tophulika, iyo siidziwa kuti aka ndi ka malovu, aka ndi ka liwu. Ukayesa, chonga pa Output clicks only umve zimene ikuchotsa. Ukamva mawu ako akuyankhula m'menemo, wapyola, bweza. Komanso, ndisaiwale, zonsezi uchite usanaike Compressor. Iyo imapanikiza mawu okwera, kenako zonse zimakwezedwa pamodzi, ndiye mpweya ndi tcha zimatulukira poyera. Yeretsa kaye, panikiza pambuyo.

Koma msuweni, nkhani si imeneyi. Iwe sukufunsa za batani, ukufunsa ngati pakamwa pako pali vuto, ngati mawu ako ndi oyenera ntchitoyi. Ndakudziwa kuyambira uli wosavala. Pakamwa pako palibe chilichonse, aliyense amalira tcha. Vuto ndi loti ukunong'ona. Ukamanong'ona umayandikira maikolofoni, mwina masentimita anayi, n'kukwezanso Gain kuti umveke. Tsono malovu sadziwa kuti ukunong'ona, amalira mofanana kaya ukukuwa kaya ayi. Mawu ukawatsitsa, iwo amatsala pomwepo, ndipo Gain ija imakweza zonse limodzi.

Kusuntha kokha sikuthandiza, ndisakusokoneze. Mtunda ukauwirikiza kawiri, zonse zimatsika pafupifupi 6 dB, mawu ndi tcha yemwe. Phindu lake ndi loti ukakhala patali umapeza malo okwezera mawu osaphulitsa maikolofoni. Ndiye khala masentimita 15 kapena 20, ngati chikhatho chotambasula, maikolofoni uipatutse pang'ono cha kumbali ya tsaya kuti mpweya uziidutsa, osalowamo. Osapitirira pamenepo, ungayambe kujambula kulira kwa makoma. Kansalu kozungulira kaja unagula kamaletsa mphepo ya pha ndi bha, tcha samuletsa, usakadalire. Madzi uyambe kumwa ola limodzi kapena awiri usanajambule, chifukwa pakamwa pouma m'pamene malovu amamata, ndipo uzipsontha pang'ono pakati pa ndime. Usanayambe chiganizo, milomo ikhale yotseguka kale, chifukwa tcha ambiri mwa iwe ali poyambira penipeni.

Ndiye usakonze fayilo ija, jambulanso. Mphindi ziwiri zokha, pomwe kusoka tcha makumi anayi ndi madzulo onse. Jambula masana, uyankhule ngati ukuuza munthu amene wakhala tsidya lina la tebulo. Alamu akamva amve, adakumvapo ukuimba posamba, choopsa china n'chiyani?

Wandimva? Bwerera m'mbuyo, kweza mawu, tsitsa Gain. Otsala awiri atatuwo ndiwo a Repair, mpweya -12. Unditumizire yatsopanoyo ndisanagone. Ndipo amalume ali m'gulu muno, eti? Aaa... amalume, ngati mwamvera mpaka pano, pepani, za mabatire sindinanene.