Feteleza akuchepetsa zokolola, kapena ndi rigireshoni yanga?

"Anzanga odziwa za deta, ndithandizeni. Ndikufufuza ngati feteleza amakweza zokolola za chimanga. Ndikaika feteleza yekha mu rigireshoni, njira yowerengera ubale wa zinthu mu deta, koefishenti yake, nambala yosonyeza mmene zokolola zikusinthira feteleza akachuluka, ikutuluka ya mainasi. Ndikangoonjezera mtundu wa nthaka, yatembenuka kukhala ya pulasi. Deta ndi yomweyo. Ndalakwitsa pati, ndipo mu lipoti ndilembe iti?"

Achemwali, musafufute kanthu, kompyuta yawerengera bwino maulendo onse awiri. Nambala ziwirizo zikuyankha mafunso awiri osiyana, ndipo ntchito yanu ndi kudziwa funso limene inu mukufunsa. Zimenezi zili ndi dzina, mukamafufuza lembani `Simpson's paradox`, kuchokera kwa Edward Simpson amene adazifotokoza mu 1951, ngakhale Udny Yule adali atazionapo kale mu 1903.

Deta yanu sindinaione, choncho ndikuonetsani ndi nkhani yomwe nambala zake n'zodziwika, kuti muziwerengere nokha. Mu 1986 madokotala a ku Britain, Charig ndi anzake, adafalitsa zotsatira za njira zochotsera miyala ya mu impso. Odwala 350 adachitidwa opaleshoni yong'amba, ndipo zidayenda bwino kwa 273, omwe ndi 78 pa 100 alionse. Ena 350 adangowaboola kabowo pakhungu n'kutulutsirapo mwalawo, ndipo zidayenda bwino kwa 289, kapena kuti 83 pa 100. Mukaimira pamenepa, mungauze aliyense kuti kuboola ndiye kwabwino.

Tsopano agaweni odwalawo potengera kukula kwa mwala. Pa miyala ing'onoing'ono, kung'amba kudathandiza 81 mwa 87, ndiye 93 pa 100, pamene kuboola kudathandiza 234 mwa 270, ndiye 87 pa 100. Pa miyala ikuluikulu, kung'amba kudathandiza 192 mwa 263, ndiye 73 pa 100, pamene kuboola kudathandiza 55 mwa 80, ndiye 69 pa 100. Kung'amba kwapambana uku, kwapambananso uko, koma mukaphatikiza onse kwagonja.

Yang'anitsitsani nambala za pansi zija, 263 ndi 80, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Mwa odwala amene adang'ambidwa, atatu mwa anayi alionse adali ndi miyala ikuluikulu, yovuta ngakhale mugwiritse njira iti. Mwa oboledwa, oposa atatu mwa anayi adali ndi ing'onoing'ono. Ndiye 78 ndi 83 zija sizikufanizitsa njira ziwiri zokha ayi, zikufanizitsanso odwala ovutikitsitsa ndi odwala opepukirako. Opaleshoni yong'amba idasenza mlandu wa kukula kwa mwala.

Mu rigireshoni ya pa pulogalamu ya R zimaoneka motere, deta ya odwalawo titaitcha `d`. Lembani 1 kwa wochira ndi 0 kwa wosachira, chimodzimodzi kwa wong'ambidwa ndi kwa wa mwala waukulu.

```r
lm(wachira ~ kungamba, data = d)
lm(wachira ~ kungamba + mwala_waukulu, data = d)
```

Mzere woyamba ukupatsani -0.046 pa `kungamba`, wachiwiri ukupatsani pafupifupi +0.054. Kusiyana kwa ziwirizi sikwachisawawa, mungathe kukuwerengera ndi pensulo. Mu modelo yachiwiri, mwala waukulu ukutsitsa mwayi wochira ndi pafupifupi 0.19. Gawo la a miyala ikuluikulu ndi 0.75 mwa ong'ambidwa ndi 0.23 mwa oboledwa, kusiyana kwake 0.52. Chulukitsani -0.19 ndi 0.52, mupeza pafupifupi -0.10. Phatikizani ndi 0.054, mwabwerera ku -0.046 uja. Koefishenti ya modelo yaifupi ndi ya modelo yaitali, kuonjezerapo katundu wa chinthu chomwe mwachisiya kunja. Katunduyo akakhala wolemera komanso akukokera mbali ina, mainasi amasanduka pulasi. Kuti zitero pafunika zinthu ziwiri nthawi imodzi: chosiyidwacho chizikhudza zotsatira, komanso chisagawike mofanana pakati pa omwe mukuwafanizitsa. Chimodzi chikasowa, palibe chotembenuka.

N'chifukwa chake ine sindikonda kumva munthu akunena kuti "koefishenti ya feteleza ndi yakuti" osatchula zina zomwe zili mu modelo. Feteleza ali yekha, mukufanizitsa minda yonse yothiridwa wambiri ndi yonse yothiridwa wochepa. Nthaka ikalowa, mukufanizitsa minda ya nthaka yofanana. Ndikuganiza kuti mu deta yanu alimi a minda yoguga, ya mchenga, ndi amene akuthira wambiri pofuna kupulumutsako kenakake, pamene a m'dambo kapena pa katondo wachonde akuthira pang'ono n'kukololabe. Onani ngati zili choncho: werengerani avereji ya feteleza ndi avereji ya zokolola pa mtundu uliwonse wa nthaka, kenako jambulani girafu ya timadontho, feteleza pa mzere wogona ndi zokolola pa mzere woimirira, mtundu uliwonse ndi utoto wake. Mukaona magulu akutsetsereka kuchokera pamwamba kumanzere kupita pansi kumanja, koma mkati mwa gulu lililonse timadontho tikukwera, mwaupeza.

Ngati ndi momwemo, lembani yachiwiri, ya pulasi. Koma chonde, chifukwa chake chisakhale chakuti ndi imene mumayembekezera, kapena chakuti `R-squared`, nambala yosonyeza mmene modelo ikugwirizanirana ndi deta, yakwera. Imeneyo simatsika mukaonjezera chinthu, ngakhale chopanda pake. Chifukwa chenicheni ndi chakuti nthaka idalipo feteleza asanagulidwe, ndipo ndi imene idachititsa mlimi kusankha kuchuluka kwake, monga momwe mwala udalili waukulu dokotala asanasankhe njira.

Apa ndi pamene ambiri amagwera, amatenga kuti kuonjezera gulu kumakonza zinthu nthawi zonse. Tiyerekeze kuti m'malo mwa nthaka mudagawa minda potengera maonekedwe a chimanga mu Febuluwale, chobiriwira ndi chachikasu. Kubiriwirako kwabwera ndi feteleza yemweyo. Mukakuika mu modelo, mukufunsa kuti "pa minda yobiriwira mofanana, feteleza akuonjezera chiyani?", ndipo mwatseka njira imene fetelezayo amagwirira ntchito. Choipa koposa, munda wobiriwira popanda feteleza uyenera kuti uli ndi chonde chakechake, ndiye mkati mwa gulu limenelo feteleza angaoneke ngati woononga. Pamenepo nambala yosagawa ndi imene ili pafupi ndi funso lanu. Matebulo a nkhani ziwirizi angafanane nambala ndi nambala, koma yankho n'kusiyana, ndipo palibe `p-value` imene ingakuuzeni kusiyanako. Amene angakuuzeni ndi mlangizi wa m'deralo kapena alimi eni ake: chidayamba n'chiti, ndipo adasankha bwanji? Funsaninso kuti mtundu wa nthaka udalembedwa liti komanso motani. Ngati wolemba deta ankangoyang'ana chimanga pokolola n'kulemba "yachonde" kapena "yoguga", chimenecho si nthaka, ndi zokolola zomwezo zavala dzina lina.

Musanatumize lipoti, onani ngati mu gulu lililonse muli minda yothiridwa wambiri komanso yothiridwa wochepa. Ngati a m'dambo onse adathira mofanana, gulu limenelo silikuuzani kanthu za feteleza, ndipo koefishenti yanu ikuchokera ku magulu enawo. Yesaninso `zokolola ~ feteleza * nthaka`, chifukwa modelo ya `+` imakakamiza nthaka zonse kuyankha feteleza mofanana, zomwe n'zokayikitsa pakati pa mchenga ndi katondo. Ndipo pulasi wanuyo angakhale akusenzabe katundu wa zina zomwe simunaike, monga mbewu ya haibulidi, tsiku lobzala ndi mvula. Mlimi wokwanitsa matumba ambiri kawirikawiri amakwanitsanso mbewu yabwino ndi aganyu opalira. Mu lipotilo onetsani nambala zonse ziwiri pamodzi ndi tebulo la avereji za magulu, ndipo mufotokoze chifukwa chimene mwaikira nthaka. Tebulo limenelo mukaliika pano, tiliona limodzi.