Ndikungolira, kulota zoopsa ndi kuiwalaiwala: kodi ndi mimbayi kapena mutu wasokonekera?

"Amayi anzanga ndithandizeni. Ndili ndi pathupi poyamba, masabata 30 tsopano. Tsiku limodzi ndimaseka, ndimalira, kenako ndimakalipira bambo a kunyumba popanda chifukwa chenicheni. Usiku ndimadzuka kanayi kapena kasanu, ndipo ndikulota zoopsa. Dzulo ndinalota ndabereka koma mwana ndamuiwala penapake. Masana ndikuiwala zinthu, mpaka ndinasiya poto pamoto. Kodi mutu wanga uli bwinobwino?"

Achemwali, mutu wanu sunasokonekere. Zitatu mwatchulazi zimayendera limodzi, ndipo pa msinkhu umene mimba yanu yafika, chimene chikuzimangirira pamodzi kwambiri ndi tulo todukizadukiza. Ndiyambe ndi mahomoni chifukwa ndi amene aliyense amathamangira kutchula, koma ndikhalitsa pa tulo.

Mayi akaima, mahomoni awiri, esitirojeni ndi pulojesiteroni, amakwera kwambiri kuposa nthawi ina iliyonse pa moyo wake. Kuyambira cha kumapeto kwa mwezi wachitatu, nsengwa imene imadyetsa mwana m'chiberekero ndi imene imawapanga ochuluka, ndipo amangokwerabe mpaka tsiku lochira. Ntchito yawo ndi kusunga mimba, koma popeza amayenda m'magazi amafikanso ku ubongo. Pulojesiteroni imabweretsa kulefuka ndi kuwodzera, pomwe esitirojeni imakhudza timadzi ta mu ubongo timene timayendetsa chisangalalo ndi mkwiyo. N'chifukwa chake kanthu kamene kale mukadangokaseka, lero kakukufikani pamtima. Amayi ambiri amazimva kwambiri pakati pa sabata 6 ndi sabata 10, mahomoni akamakwera mothamanga ndipo nseru ili pachimake. Miyezi yapakati mtima umakhalako m'malo, kenaka zimabwereranso miyezi itatu yomaliza, pamene muli inupa, thupi litalemera ndiponso maganizo a tsiku lobereka atayandikira.

Tsopano za tulo. Munthu akagona, tulo sitikhala tofanana usiku wonse. Timayenda mozungulira: tulo topepuka, tulo tofa nato, kenako tulo ta maloto, ndiye n'kuyambiranso. Ulendo umodzi wotere umatenga pafupifupi mphindi 90, choncho wogona maola 8 amazungulira kanayi kapena kasanu. Pa tulo ta maloto maso amayendayenda kunsi kwa zikope, ubongo uli kalikiliki pomwe thupi lili zii, ndipo gawo limeneli limatalika kukamayandikira kucha. Aliyense amalota usiku uliwonse, kungoti maloto ambiri amafufutika. Amene timawakumbukira ndi aja tadzidzimuka tili mkati mwake kapena titangowamaliza kumene.

Tiyerekeze usiku wanu. Mwagona 9 koloko. Cha m'ma 11 mwadzuka kukataya madzi, chifukwa mwana akutsamira chikhodzodzo. Cha m'ma 1 chilungulira chakuwotchani pakhosi, mwakhala tsonga. Cha m'ma 3 mwana wakumenyani m'nthiti kapena katumba wakokana. Itakwana 4 koloko ndi theka, mwadzukanso kupita kuchimbudzi. Kudzuka kuwiri komalizaku kwagwera nthawi imene tulo ta maloto tatalika, ndiye mukutsegula maso loto lili lotentha, mtima ukugunda, nkhope ya mwana wa m'malotoyo mukuiona bwinobwino. Musanaime, loto ngati lomwelo likadadutsa inu muli mtulo, m'mawa n'kudzuka osadziwa kanthu.

Nanga bwanji malotowo ali a mwana wotayika? Ubongo umalota zimene mtima wasenza masana. Mayi wa mimba yoyamba amadzifunsa ngati adzakwanitse kulera, ngati adzachire bwino, ngati mwamuna wake adzamukondebe thupi litasintha. Ndiye maloto amene amayi oyembekezera amafotokoza kawirikawiri ndi omwewo: kuiwala mwana, kubereka chinthu chosakhala munthu, kumira m'madzi, kusiyidwa ndi mwamuna. Malotowa sakulosera za mwana wanu, ndipo sakusonyeza kuti mudzakhala mayi wosasamala. Ine ndimaona kuti amene amalota chonchi ndi amene mwanayo wamulowa kale mumtima. Mukadzidzimuka, yatsani nyale pang'ono, gwirani mimba yanu, ndipo ngati lotolo likukukanirirani liuzeni munthu kukacha. Loto lonenedwa pakamwa mphamvu zake zimachepa.

Kuiwalaiwala nako n'koona, si kudzinamiza. Mu 2018 akatswiri a ku Australia anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 20 woyerekeza amayi oyembekezera ndi amene sali oyembekezera. Anapeza kuti kukumbukira ndi kulongosola zochita kumatsikadi, makamaka miyezi itatu yomaliza, koma kutsikako n'kochepa ndipo sikufika pa mlingo wa matenda. Amene amakuzindikira ndi mwini wake ndi anthu amene amakhala naye pafupi. Taonaninso zimene mukuiwalazo. Dzina la mayi anu simunaiwale, njira ya kwanu mukuidziwa, ntchito imene munaphunzira ikadali m'manja. Chimene chikukupulumukani ndi chinthu chimene munati muchita pakapita kanthawi: ndiphula poto, ndimwa mankhwala ndikadya, ndimuimbira foni madzulo. Kukumbukira kwa mtundu umenewu kumafuna kuti mutu ukhale ndi malo, ndipo kumafooka munthu akagona mopereweza, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi. Inu mwagona moduladula, mwadzuka ndi mantha a loto, mutu wadzaza za matewera ndi za ulendo wa kuchipatala. Potoyo apeza pati malo? Ndipo munthu wosagona sachedwa kupsa mtima, ndiye madzulo bambo a kunyumba akangofunsa kuti chapserera n'chiyani, misozi ndi mawu zimatulukira pamodzi. Mukagona muli ndi chisoni choti mwakalipa, tulo timavutanso, mawa n'kubwerezanso zomwezo.

Mahomoni simungawatsitse, ndipo sitikufuna atsike. Pogwira ndi pa tulo. Madzi imwani okwanira masana, koma muchepetse maola awiri omaliza musanagone, ndipo mukataye madzi musanakwere pabedi. Chakudya chamadzulo chidyedwe maola awiri kapena atatu musanagone, chisakhale chambiri, ndipo kumutu kwa bedi kukwezedwe pang'ono kuti chilungulira chichepe. Gonani chammbali, pilo ali pakati pa mawondo. Kuyambira masabata 28 kugona chammbali ndi kumene kumalimbikitsidwa, chifukwa kugona chagada kumapanikiza mitsempha ikuluikulu yobweza magazi ku mtima. Tiyi ndi khofi zisiyeni dzuwa likapendeka. Masana mukapeza mpata gonani mphindi 20 kapena 30, osati maola awiri, kuopa kuba tulo ta usiku. Mankhwala ogonetsa musamwe popanda dokotala. Simudzagona usiku wonse osadzuka, koma kuchoka pa kudzuka kasanu kufika pa kawiri kapena katatu kumasintha tsiku lonse.

Za kuiwala, musalimbane ndi mutu. Mukatereka poto tcherani alamu pa foni nthawi yomweyo, kapena musachoke m'khitchini. Makiyi ndi khadi la kusikelo zikhale ndi malo amodzi. Mankhwala owonjezera magazi muziwamwa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ndipo muzichonga pa kalendala, kuti musadumphe kapena kumwa kawiri.

Koma pali malire, ndipo apa ndikupemphani muwerenge mofatsa. Kusinthasintha kwa mtima kwa masiku onse kuli ngati mvula yodutsa: yagwa mwamphamvu, yakata, dzuwa lawala. Mwalira m'mawa, masana mukuseka ndi mnzanu, chakudya chikukoma, mwana akamenya mukumwetulira. Matenda ovutika maganizo ndi mvumbi, sakata. Dzifunseni mafunso awiri. Pa masabata awiri apitawa, kodi mwakhala wokhumudwa kapena wopanda chiyembekezo pafupifupi tsiku lonse, pafupifupi tsiku lililonse? Kodi zinthu zimene zinkakusangalatsani zasiyiratu kukukomerani? Ngati yankho ndi inde ngakhale pa funso limodzi, kauzeni namwino kapena mzamba sabata yomwe ino, musadikire tsiku la sikelo. Chimodzimodzi ngati nkhawa ikukulepheretsani kudya kapena kugwira ntchito, ngati mukumabanika ndi mantha mwadzidzidzi, ngati tulo sitibwera ngakhale palibe chokudzutsani, kapena ngati loto limodzi la chinthu choopsa chimene chinakuchitikiranidi likubwerabwera mpaka mukuopa kugona. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati pafupifupi mayi mmodzi pa amayi 10 oyembekezera amakhala ndi vuto la maganizo, makamaka limeneli, ndipo m'mayiko osauka chiwerengero chimaposa pamenepo. Limachizika, ndi uphungu kapena mankhwala amene dokotala angasankhe moganizira mwana. Amene anadwalapo matendawa kale anene msanga kusikelo, ndipo amene akumwa kale mankhwala ake asawasiye yekha chifukwa choti waima. Ngati mantha anu akuchokera kwa munthu amene amakumenyani kapena kukuopsezani, amenewo si mahomoni, nenani kwa azaumoyo.

Zina sizidikira n'komwe kuti kuche. Maganizo ofuna kudzipha kapena kudzivulaza, kumva mawu amene ena sakuwamva, kusadziwa kumene muli kapena kulankhula zosalumikizana, zonsezi ndi za kuchipatala nthawi yomweyo. Kusokonezeka mutu kobwera ndi kutentha thupi n'chimodzimodzi. Ndipo mimba ikapitirira masabata 20, mutu wowawa kwambiri wosamva mankhwala, kuona zachimbuuzi kapena timagetsi tothwanima, kutupa nkhope ndi manja mwadzidzidzi, ndi ululu pansi pa nthiti ndi zizindikiro za kuthamanga kwa magazi kwa amayi oyembekezera, kumene kungafike pokomoka. Kumeneko si kuiwala poto.

Pali china chimene ambiri samachiganizira. Kuchepa kwa magazi kumabweretsa kutopa, chizungulire, kupsa mtima msanga ndi mutu wosagwira zinthu, ndipo n'kofala miyezi yomalizayi chifukwa mwana akutenga ayironi wambiri. Kwa mayi woyembekezera, magazi amati achepa akatsika pansi pa 11 pa muyeso wa himogulobini. Mukapita kusikelo pemphani akuyezeni, makamaka ngati m'zikope ndi m'zikhatho mwayera kapena mukupuma mwawefuwefu pa kantchito kochepa. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopereweza kapena mopitirira chimathanso kuoneka ngati vuto la maganizo, ndipo chimadziwika poyeza magazi.

Bambo a kunyumba muwapezere nthawi imene mtima uli pansi, osati pakati pa mkangano. Auzeni kuti mukudzuka kangati usiku, ndipo muwapemphe chinthu chimodzi chodziwika, monga kuti ntchito za madzulo azitenge iwo kuti inu mugone msanga. Muwauzenso mafunso awiri aja, chifukwa nthawi zambiri wa pafupi ndi amene amayamba kuona kuti mnzake wasiya kuseka. Adziwiretu kuti mukadzachira mahomoni aja adzagwa mwadzidzidzi nsengwa ikangotuluka, ndipo amayi ambiri amalira popanda chifukwa cha pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu. Kumeneko kumatha kokha pasanathe masabata awiri. Kukadzapitirira masabata awiri kapena kukamadzakula, adzakuperekezeni kuchipatala.